Mizere Eyiti pa Pepala la Magazi

Alamu anga amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika, ndipo si munthu wokonda kudandaula. Tsiku lina madzulo anafika kwathu atavala juzi ngakhale kunkatentha, nakhala pakhonde osalowa m'nyumba. Atapumako pang'ono anatulutsa buku la kuchipatala m'chikwama, ndipo pakati pa bukulo panali pepala lopindidwa kanayi. Anabwera kwa ine chifukwa ntchito yanga ndi ya mu labotale.

"Alamu, tandiwerengerani ichi," anatero. "Mwana wanga wandiuza kuti L ndiye kuti zachepa, H ndiye kuti zachuluka. Ndawerenga mizere eyiti, ndipo seveni ili ndi chilembo. Wabwino ndi umodzi wokha. Ndiye ndatsala ndi chiyani ine?"

Kuchipatala anawauza kuti magazi achepa, anawapatsa mapiritsi, nawauza tsiku lobwereranso. Zonsezo zinali zoyenera. Koma mzere wa odwala unali wautali, ndipo iwo sanapeze mpata wofunsa za zilembo zija. Anagona nazo masiku awiri. Pepala lawo linali lotere:

```
WBC    3.6   L   4.0-11.0    10^3/uL
NEUT#  1.7   L   2.0-7.5     10^3/uL
RBC    4.10      3.80-5.80   10^6/uL
HGB    8.9   L   12.0-16.0   g/dL
HCT    28.7  L   36.0-46.0   %
MCV    70.0  L   80.0-100.0  fL
RDW    18.2  H   11.5-14.5   %
PLT    468   H   150-450     10^3/uL
```

Pepala lamtunduwu limalembedwa kuti FBC, ndipo ndi limodzi mwa mapepala amene labotale imatulutsa kawirikawiri. Magazi ake amatengedwa pamtsempha wa pamkono n'kuikidwa m'kabotolo ka chivindikiro chapepo, momwe muli mankhwala oletsa magazi kuundana. Makina amayamwa kadontho, n'kuwerenga tinthu timene timayandama m'magazimo. Tinthuto timatchedwa maselo, ndipo tili m'magulu atatu: ofiira amene amanyamula mpweya, oyera amene ambiri timawatchula kuti asilikali a m'thupi, ndi mapulatileti amene amatseka bala kuti magazi asiye kutuluka. Ngakhale pepala litakhala ndi mizere 25, lonselo likukamba za magulu atatu omwewa.

Chimene ine ndimayamba kuwerenga si nambala ayi. Ndimayang'ana pamwamba pa pepala: dzina, zaka, kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndi tsiku limene magazi anatengedwa. Kwathu kuno mayina amafanana kwambiri, ndipo m'wodi imodzi mungagone amayi awiri a dzina limodzi. Komanso makina amasankha malire potengera zaka ndi chibadwa cha munthu zimene wawauza. Wolemba akalakwitsa n'kuika mayi ngati bambo, mzere wa HGB umabwera ndi malire a abambo, ndipo mayi wabwinobwino amapatsidwa L wopanda chifukwa. Pa pepala la alamu anga zonse zinali m'malo mwake: mkazi, zaka 34.

Mzere uliwonse umawerengedwa kuchokera kumanzere. Koyamba kuli dzina la chimene chayezedwa, kenako nambala ya munthuyo, kenako chilembo ngati chilipo, ndiye manambala awiri okhala ndi kamzere pakati, ndipo kumapeto kuli muyezo. Manambala awiri ajawo ndiwo malire, ndipo mantha ambiri amabadwira pamenepa, chifukwa anthu amawatenga ngati mpanda wolekanitsa amoyo ndi odwala.

Malirewo amapezeka motere. Akatswiri amasonkhanitsa anthu ambiri athanzi, amawayeza, n'kundandalika zotsatira kuyambira yotsikitsitsa mpaka yokwereratu. Kenako amadula pang'ono kumunsi ndi pang'ono kumwamba, n'kusunga anthu 95 apakati mwa anthu 100 alionse. Pamene adulapo ndiye malire. Ndiye kuti anthu asanu mwa 100 aja, amene anali athanzi kuyambira pachiyambi, amagwera kunja: munthu mmodzi pa anthu 20 alionse. Zili ngati kuyeza msinkhu wa amuna a m'mudzi. Mudzapeza wamtali kupitirira onse ndi wamfupi kuposa onse, ndipo palibe wodwala pa awiriwo. Masamu ake amapitirira: munthu wathanzi akayezedwa zinthu 20 zosakhudzana, mwayi woti chimodzi chituluke ndi chilembo umafika pa 64 mwa 100. Choncho pepala lalitali lopanda chilembo n'chimodzi chomwe ndilo losowa.

Makina sadziwa kusiyanitsa kupitirira pang'ono ndi kupitirira kwambiri. PLT ya 451 ndi PLT ya 1,200 zonse amazipatsa H wofanana. N'chifukwa chake funso loyenera si lakuti chilembo chilipo kapena palibe, koma lakuti nambalayo yapita kutali bwanji ndi malire, ndipo mizere yoyandikana nayo ikuti chiyani.

Ndinaika chala pa HGB, chifukwa pa pepala la alamu anga mzere wolemera unali umenewo. HGB, kapena Hb, ndi himogulobini, chinthu chofiira chimene chimadzaza m'maselo ofiira. Ndiye amagwira mpweya wa okosijeni m'mapapo n'kukausiya m'minofu, mu ubongo ndi mumtima. Muyezo wa g/dL ukutanthauza magalamu a himogulobini opezeka m'mamililita 100 a magazi, omwe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kabotolo ka chakumwa ka mamililita 300. Alamu anga anali ndi magalamu 8.9 pamene mayi wosayembekezera amafunika 12.0 kapena kupitirira.

Apa pali kusamvana kumene ndimakumana nako kawirikawiri. Tikamati "magazi achepa", ambiri amaganiza za chidebe chimene madzi ake atsika. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi okwana pafupifupi malita asanu, ndipo alamu anga anali nawobe malita awo. Chimene chinachepa ndi kulemera kwa magaziwo, monga phala limene ladzaza mbale koma ufa wake ndi wochepa. Mtima umakakamizika kuzungulitsa magazi osukulukawo mofulumira kuti mpweya ukwane. Apo ndi pamene pamachokera kugunda kwa mtima pokwera kachitunda, befu, chizungulire poimirira, mutu wosatha, ndi kuzizidwa kuja kumene kunawaveketsa juzi. Ndinawapempha kuti atsitse chikope cha m'munsi, ndipo m'kati mwake munali motuwa osati mofiira. Zikhatho nazo zinali zoyererako.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika malire amene zipatala zambiri zimatsatira. Bambo amati magazi achepa akatsika pansi pa 13.0, mayi wosayembekezera pansi pa 12.0, ndipo mayi woyembekezera pansi pa 11.0. Wapakati amamutsitsira malire chifukwa madzi a m'magazi mwake amachuluka msanga kuposa maselo, ndiye magazi amasukuluka mwachibadwa. Mu 2024 bungweli linatsitsanso malire a miyezi yapakati, kuyambira wachinayi mpaka wachisanu ndi chimodzi, kufika pa 10.5. Choncho 11.4 ndi nambala yabwino kwa mayi wa kusikelo, ndi yotsikirako kwa mchemwali wake wosayembekezera, ndipo kwa mwamuna wake ndi nambala yofunika kuifufuza. Kwa wamkulu wosayembekezera, pansi pa 8.0 ndi kuchepa koopsa. Kwa woyembekezera ndi pansi pa 7.0. Alamu anga, ndi 8.9 wawo, anali pakati: si poti n'kunyalanyaza, komanso si poti n'kuthamangira kukawonjezera magazi.

Ngakhale malo amene munthu amakhala amasuntha nambalayi. Kumapiri mpweya ndi wopepuka, ndiye thupi limapanga himogulobini wochulukirapo. Munthu wa ku Dedza, komwe n'kokwera mamita oposa 1,500, amayembekezeka kukhala ndi nambala yokwererako poyerekeza ndi mnzake wa ku Nsanje. Wosuta fodya nayenso nambala yake imakwera, osati chifukwa cha thanzi, koma chifukwa utsi umalanda malo a mpweya m'magazi.

Muyezo wa kumapeto kwa mzere usamadumphidwe. M'bale wanu wa ku Britain akakutumizirani pepala lolembedwa Hb 118, musadabwe kuti magazi achuluka chotere bwanji. Kumeneko amalemba mu g/L, magalamu pa lita yathunthu, ndipo 118 g/L ndi chimodzimodzi 11.8 g/dL. Kusiyana kwake ndi kadontho kamodzi. Ndi chifukwa chomwecho pepala la labotale ina siliyenera kuwerengedwa ndi malire a labotale ina: makina amasiyana, ndipo malire oyenera ndi amene asindikizidwa pa pepala lomwelo.

HCT sitinachedwepo. Ndi gawo la magazi limene maselo ofiira amatenga, ndipo kawirikawiri limakhala pafupifupi katatu ka HGB. Tikachulukitsa 8.9 katatu tipeza 26.7, kufupi ndi 28.7 wa pa pepala. Ndinawauza kuti mzere umenewu ukungobwereza zimene HGB yanena kale. Zilembo ziwiri, nkhani imodzi.

Pamene alamu anga anadabwa ndi pa RBC, mzere wokhawo wopanda chilembo. RBC ndi chiwerengero cha maselo ofiira, ndipo 4.10 akutanthauza maselo 4,100,000 m'kadontho kochepa ngati njere ya bonongwe. "Nanga ngati maselowo alipo okwanira, magazi achepa bwanji?" anafunsa. Funso limenelo ndilo khomo la pepala lonse, ndipo yankho lake lili pa MCV.

MCV ndi kukula kwa selo lofiira limodzi, makina atawerengera pakatikati pa onse. Kwa wamkulu limakhala pakati pa 80 ndi 100. Lawo linali 70. Ndinawapatsa chitsanzo cha pabenchi pawo pomwe: dengu la tomato 100 wamkuluwamkulu ndi dengu la tomato 100 wamng'onomng'ono, chiwerengero n'chimodzi, koma ndiwo zake sizingafanane. Maselo awo analipo ambiri ndithu, koma ang'onoang'ono ndi otuwa, aliyense atanyamula himogulobini wochepa. Anagwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti apa pokha afika.

Maselo ofiira amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa, ndipo lililonse limakhala masiku pafupifupi 120. Kuti himogulobini apangidwe pamafunika ayironi. Ayironi akasowa, mafupa saleka ntchito, koma amatulutsa maselo operewera msinkhu. RDW imayeza kusiyana kwa misinkhu ya maselowo, ndipo inakwera kufika 18.2 chifukwa m'magazi mwawo munali chisakanizo cha akuluakulu ndi ang'onoang'ono. Ngakhale PLT ya 468, imene inangodutsa malire ndi 18, ndi ya m'banja lomweli: ayironi akachepa, mapulatileti amakonda kukwera pang'ono, ndipo amatsika okha vutolo likatha. Tikawerenga bwino, HGB, HCT, MCV, RDW ndi PLT, zilembo zisanu mwa zisanu ndi ziwiri, zinkaloza chinthu chimodzi, osati matenda asanu.

Ndimaukonda mzere wa MCV chifukwa umapatula njira. HGB ikatsika MCV ili pansi pa 80, choyamba kuganizira ndi kusowa kwa ayironi. Koma si chokhacho. Pali chibadwa china chotchedwa thalasemiya chimene chimapezeka mwa anthu ambiri a mu Afirika, ndipo mtundu wake wofatsa umachititsa maselo kukhala ang'onoang'ono moyo wonse popanda kudwala. Munthu wotere HGB yake imangotsika pang'ono kapena osatsika, RBC imakhala yokwererako, RDW nthawi zambiri siikwera, ndipo angamwe mapiritsi a ayironi chaka chathunthu MCV osasuntha. HGB ikatsika MCV ili pamwamba pa 100, maselo akula mopitirira, ndipo pamaganiziridwa kusowa kwa vitamini B12 kapena foleti, mowa wambiri, matenda a chiwindi, kapena mankhwala ena monga AZT. Kwa munthu ameneyu mapiritsi a ayironi si yankho. MCV ikakhala pakati koma HGB yatsika, maso amatembenukira ku malungo amene amaswa maselo, ku matenda okhalitsa monga TB, HIV ndi a impso, kapena ku magazi otayika posachedwa. Anthu atatu akhoza kukhala ndi HGB ya 8.9 yofanana, n'kufunika thandizo la mitundu itatu.

Chotsimikizira kuti ayironi wathadi ndi kuyeza kwina kotchedwa feritini, kumene kumaonetsa nkhokwe ya ayironi m'thupi. Ikatsika pansi pa 15 ug/L, nkhokwe yauma. Vuto lake n'lakuti feritini amakwera munthu akakhala ndi malungo kapena matenda ena otupitsa m'thupi, ndiye akhoza kuoneka wabwino pamene nkhokwe ilibe kanthu. Si chipatala chilichonse chimene chimayeza feritini, ndipo kumene kulibe adokotala amapereka mapiritsi n'kudzayezanso HGB pakapita milungu ingapo kuti aone ngati thupi layankha.

Panatsala mizere iwiri ya pamwamba, ndipo imeneyi ndi imene inawasowetsa tulo kwenikweni. Anamva kuti WBC ndi asilikali, ndipo kwathu kuno mawu akuti "asilikali achepa" amakumbutsa matenda amodzi okha. Ndinawauza mosapita m'mbali kuti WBC si CD4, ndipo pepala la FBC silinena ngati munthu ali ndi HIV kapena ayi. Kumeneko kuli kuyeza kwakekwake, ndipo iwo anali atayezetsa mwezi womwewo.

WBC ya 3.6 ikutanthauza maselo oyera 3,600 m'kadontho kaja. Maselo oyera ali mitundu isanu, ndipo ochuluka kwambiri mwa akuluakulu nthawi zambiri ndi manyutirofili, amene amalimbana ndi mabakiteriya. Pa pepala amalembedwa NEUT kapena NE, kamodzi ndi chizindikiro cha % ndipo kena ndi #. Wofunika kwambiri ndi wa #, chifukwa ndiwo chiwerengero chenicheni. Wa % umangonena gawo lawo pakati pa anzawo. Awo anali 1.7, malire akuyambira pa 2.0.

Apa ndi pamene funso lakuti "anthu athanzi aja anali ndani" limagwira ntchito. Malire ambiri amene amabwera ndi makina komanso mabuku anachokera kwa anthu a ku Ulaya ndi ku Amereka. Zinadziwika kalekale kuti anthu ambiri a mu Afirika muno amakhala ndi manyutirofili ochepa m'magazi kuposa azungu, popanda kudwaladwala. Zimenezi zimayenda ndi chibadwa cha maselo ofiira chotchedwa Duffy, chimene ambiri a ife tilibe, ndipo kusakhala nacho kumatetezanso ku mtundu wina wa malungo wotchedwa vayivakisi. Kwa munthu wotere 1.7 ndi nambala yake ya masiku onse. Zimandipweteka kuona munthu akulira chifukwa cha L amene wabwera poyezedwa ndi mlingo wa anthu ena. Ma labotale ena anakonza malire awo kuti agwirizane ndi anthu akuno, koma ena akadali ndi akale.

Sindikunena kuti WBC yotsika isamalabadiridwe. Manyutirofili akatsika pansi pa 1.0 pamafunika kufufuza, ndipo akafika pansi pa 0.5 munthu n'kutentha thupi, ameneyo ndi wothamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati akulandira mankhwala a khansa. Mankhwala ena, monga bakitirimu ndi AZT, amathanso kuwatsitsa. Mbali inayo, WBC ikakwera kufika 15 kapena 20 manyutirofili ali patsogolo, kawirikawiri thupi likulimbana ndi mabakiteriya, monga pa chibayo kapena chithupsa cham'kati. Mzere wa EO ukakwera, kwathu kuno timayamba taganizira njoka za m'mimba ndi likodzo, kenako mphumu. Mapulatileti nawo amatsika kawirikawiri pa malungo n'kubwerera munthu akachira; pansi pa 50 pamafunika kusamala ndi mabala ndi opaleshoni, ndipo pansi pa 20 magazi akhoza kutuluka okha m'nkhama kapena m'mphuno. Chimene chimandiimitsa ine pa benchi ndi kuona magulu onse atatu atatsikira limodzi, HGB, WBC ndi PLT. Pamenepo vuto likhoza kukhala m'mafupa momwe onse amapangidwira, ndipo timapaka magazi pagalasi kuti tiwaone ndi maso pa maikulosikopu. Odwala otere nthawi zambiri amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu.

Nambala nayo imanama nthawi zina, ndipo ife a mu labotale timadziwa njira zake. Magazi akatengedwa pamkono umene uli ndi dilipi, amasakanikirana ndi madzi a dilipiyo, ndipo mizere yonse imatsika pamodzi ngati munthu watha magazi. Kabotolo kakapanda kutembenuzidwa bwino magazi atangolowa, mumapangika timibulu, ndipo PLT imatuluka yotsika kwambiri mwa munthu amene alibe vuto. Mwa anthu ena mapulatileti amamatana okha akakumana ndi mankhwala a m'kabotolo kapepo kaja, makina n'kulephera kuwawerenga. Pagalasi amaoneka ataunjikana ngati chiswe. Pa kamakina ka m'manja kamene amayezera HGB kusikelo, kufinya chala mwamphamvu kumatulutsa madzi a m'minofu amene amasukulutsa kadonthoko. Munthu wotsegula m'mimba amene watha madzi amaoneka ngati ali ndi HGB yabwino pamene magazi angokhuthala. Choopsa kuposa zonse ndi cha munthu amene wangotaya magazi ambiri pangozi kapena pobereka: m'maola oyamba HGB ikhoza kuoneka yabwino, chifukwa maselo ndi madzi zatayikira limodzi, ndipo imadzatsika pambuyo. Pamenepo namwino amakhulupirira kugunda kwa mtima, BP ndi maonekedwe a wodwala kuposa pepala. Nambala ikatsutsana ndi munthu amene ali patsogolo pathu, timatenganso magazi ena.

Titamaliza mizere yonse, ndinawauza alamu anga kuti pali funso limene pepala silingayankhe. Lanena kuti ayironi wachepa, koma silinanene kumene wapita. Thupi limasunga ayironi mwaumbombo. Maselo akale akafa, ayironi wawo amagwiritsidwanso ntchito. Munthu wamkulu akamuthera, ndiye kuti mwina sakumupeza mokwanira m'zakudya, mwina mimba zotsatizana zamutha, kapena pali pamene magazi akudontha. Kudontha kumeneko kungakhale kwa njoka za m'mimba zimene zimaboola khungu la kuphazi n'kukayamwa magazi m'matumbo, likodzo kwa osamba ndi kuchapa m'nyanja ndi m'madambo, zilonda za m'mimba, kapena msambo wochuluka. Kwa bambo, ngakhalenso mayi amene anasiya kusamba, MCV yotsika ndi chifukwa chokwanira chofufuzira m'mimba ndi m'matumbo, chifukwa khansa ya kumeneko imatha kuyamba kudzionetsa mwa njira imeneyi.

Mlamu safunsa mlamu wake za kumwezi. Ndinaitana akazi anga, amene ndi mng'ono wawo, ine n'kupita kukaona nkhuku kuseri. Anakambirana nthawi yaitali. Pambuyo pake akazi anga anangondiuza kuti kwa chaka ndi theka achemwali awo ankatha masiku naini kapena teni, magazi ake a mibulu, ndipo ankaona ngati ndi mmene zimakhalira munthu akabereka ana anayi. Kwa adokotala sananene, poti sanafunsidwe ndipo anachita manyazi. Tinagwirizana kuti asadikire tsiku lija, abwerere mawa lake ndi mng'ono wawo akafotokoze zonse. Anawaunika pa sikani, anapeza zotupa za m'chiberekero zosakhala khansa, ndipo anayamba kuwathandiza kuti msambo uchepe.

Za mapiritsi tinakambirananso, chifukwa anali atayamba kale kuwakayikira. Chimbudzi chinada, ndipo m'mimba munkawapotokola. Kuda kwa chimbudzi ndi chizolowezi cha mapiritsi a ayironi ndipo si koopsa. Chosiyana nacho ndi chimbudzi chakuda chonanda ngati phula, chonunkha kwambiri, chimene chimasonyeza magazi otuluka m'mimba. Iwo ankamwera mapiritsiwo tiyi wam'mawa, pamene tiyi amamanga ayironi kuti asalowe bwino m'thupi. Ndinawalangiza kuti azisiyanitsa ziwirizi ndi ola limodzi kapena awiri, ndipo azimwera madzi, pambali pali gwafa, lalanje kapena malambe, poti vitamini C amathandiza ayironi kulowa. Anzawo a pamsika anali atawauza za chidede, masamba a mapeyala owiritsa ndi zakumwa zofiira za m'botolo. Kufiira kwa chakumwa si himogulobini. Chiwindi, nyama, usipa, nyemba, bonongwe ndi chisoso zimathandizadi, koma pa 8.9, magazi akutayikabe mwezi ndi mwezi, chakudya chokha sichingabweze zimene zapita. Ndinawakumbutsanso kuti mapiritsiwo aziikidwa patali ndi kamwana kawo kotsiriza, chifukwa mwana akameza ambiri akhoza kufa nawo.

Thupi likamayankha bwino, HGB imakwera ndi galamu imodzi kapena awiri m'milungu itatu kapena inayi. Ikapanda kusuntha, ndiye kuti mapiritsi sakumwedwa, kapena magazi akutayikabe, kapena vuto silinali ayironi. Ndipo HGB ikafika pabwino mapiritsi saleka pomwepo. Amapitirira miyezi ina itatu kuti nkhokwe idzadzenso. Ambiri amasiyira panjira atangomva mphamvu, n'kudzabweranso chaka chamawa ndi pepala lofanana ndi loyamba.

Patapita milungu inayi alamu anga anabweranso ndi pepala lachiwiri. Ulendo uno sanandipatse. Analiyala okha pamwamba pa loyamba lija pa tebulo, nayendetsa chala mpaka pa HGB. Inali 10.4, L akadalipo. "Koma yakwera ndi 1.5," anatero ndisanayankhule. RDW inali itakwera kufika 21, ndipo apo anandiyang'ana. Ndinawafotokozera kuti maselo atsopano a msinkhu wabwino ayamba kusakanikirana ndi ang'onoang'ono akale, amene sanathe masiku awo 120, ndiye kusiyana kwa misinkhu kwakula kaye.

Pepala lachitatu linabwera patatha miyezi inayi chiyambire mankhwala. HGB inali 12.3, MCV 81, PLT 310. WBC inali 3.7, ndi L wake pambali monga kale, ndipo adokotala analemba m'buku lawo kuti imeneyo ndi nambala yawo yachibadwa, kuti wina wodzawaona mtsogolo asadzayambenso kuifufuza. Mapepala atatuwo anawamata ndi selotepi kuchikuto chakumapeto kwa bukulo, motsatana masiku ake, ndipo anatsala ndi miyezi itatu ya mapiritsi.